Kawerengedwe ka ekisire ya baitiwing'i: kuwola kobisala pakati pa mano ndi kutsika kwa fupa

Sabata siitha osalandira chithunzi pa foni kuchokera kwa wophunzira kapena mnzanga wa pantchito, chili ndi funso lomwelija: "Akulu, kakuda aka ndi kuwola kapena ayi?" Nthawi zambiri chithunzicho amachijambula atagwirizitsa filimu pawindo, dzuwa likuthwanima m'mbali monse. Ndayankha funsoli kokwanira, ndiye ndaganiza zolemba yankho lonse pamodzi kuti aliyense wogwira ntchito ya mano azilipeza.

Baitiwing'i ndi ekisire ija wodwala amaluma kapepala kapena kachogwirira, filimu n'kukhala kumbali ya lilime. Imaonetsa mitu ya mano akumbuyo, apamwamba ndi apansi pa chithunzi chimodzi, komanso nsonga ya fupa lomwe lili pakati pa manowo. Siionetsa nsonga za mizu. Ntchito yake yaikulu ndi kutionetsa malo amene diso ndi kagalasi sizifika, pomwe dzino limagundana ndi linzake.

1. Yambani mwaweruza chithunzicho, musanaweruze dzino

Chithunzi chabwino cha mapulimola chimayambira kumbali ya kumbuyo ya dzino losongoka la pakona, lija timati kanaini, ndipo cha mamola chimafika kumbuyo kwa dzino lomaliza. Mano apamwamba ndi apansi azioneka mofanana, fupa lizioneka mbali zonse ziwiri. Chofunika kwambiri n'chakuti mano oyandikana asakwerane. Ngati chubu cha makina a ekisire sichinalunjike bwino m'mipata, enamelo ya dzino lina imaphimba ya linzake, pamenepo pamayera kwambiri, ndipo kuwola kongoyamba kumabisala pomwepo. Kukwerana kukapitirira theka la kuchindikala kwa enamelo, malo amenewo musawawerenge. Lembani kuti sakuwerengeka, ndipo jambulaninso ngati pali chifukwa chenicheni. Musalembe kuti ali bwino.

Onaninso nsonga za mutu wa dzino, za kumbali ya tsaya ndi za kumbali ya lilime. Zikuyenera kukhala pafupifupi pamzere umodzi. Zikatalikirana, ndiye kuti chubu chinapendekeka kwambiri, ndipo msinkhu wa fupa womwe mukuwuona ndi wonama. Chubu chimayenera kuweramira pansi pang'ono chabe, madigiri 5 mpaka 10.

Filimu yoyera mbuu imabisa kuwola. Yakuda kwambiri imadya m'mphepete mwa mano ndi kansonga ka fupa, n'kuonetsa matenda pomwe palibe. Kwa ife amene timatsukabe filimu ndi manja, mankhwala otsukira akakalamba kapena akatenthedwa m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, zimenezi zimachitika kawirikawiri. Mukaona mizeremizere ngati mapazi a tayala pa filimu yotuwa, filimuyo inalowa m'kamwa chagada.

2. Itembenuzeni bwino, ndipo muionere pamalo oyenera

Filimu ili ndi kachotupa pakona. Kachotupako kayang'ane kwa inu, ndipo muziona ngati mwayang'anizana ndi wodwala: kumanja kwake kuli kumanzere kwanu. Choncho pa chithunzi cha kumanja, mamola amakhala kumanzere kwa filimu, mapulimola kumanja. Mzere womwe mano amalumirana umakwera m'mwamba ukamapita kumbuyo. Mamola apansi ali ndi mizu iwiri ndipo mphanda yake imaoneka bwino, pomwe apamwamba ali ndi mizu itatu yophimbana. Tchulani dzino lililonse ndi nambala yake musanayambe kufufuza kanthu, makamaka ngati wina anazulidwapo kale ndipo otsalawo anasendera.

Ikani filimu pa bokosi lowala, muchepetse kuwala kwa m'chipinda, ndipo muphimbe m'mbali mwa filimu ndi pepala lakuda loboola pakati. Mukhale ndi galasi lokulitsa. Ngati bokosi palibe, foni yoonetsa tsamba loyera ndi yabwinoko kusiyana ndi windo. Ogwiritsa ntchito kompyuta, samalani ndi batani lonolera chithunzi: limajambula kamzere kakuda kuzungulira chomata cha chitsulo, kofanana ndi kuwola.

3. Pezani zizindikiro ziwiri pa mpata uliwonse

Choyera kwambiri pa dzino ndi enamelo, yomwe imavala mutu ngati chipewa. Pansi pake pali dentini wotuwirako, ndipo pakati pali chipinda cha mtsempha chomwe chimada. Amalugamu, chomata cha chitsulo chija, amayera mbee kuposa zonse.

Pa mpata uliwonse, pezani kaye pomwe mano awiri akugundana. Kenako tsatirani enamelo kutsikira kumuzu mpaka pomwe yathera ngati nsonga ya mpeni. Pamenepo ndiye pakhosi pa dzino, malire a enamelo ndi muzu. Malo awiriwa ndi amene adzakuyankheni pafupifupi funso lililonse. Kuwola kwa pakati pa mano kumayambira pogundana kapena pansi pake pang'ono, mkati mwa enamelo. Fupa timaliyeza kuchokera pakhosi. Ndikati "pansi" ndikutanthauza kulowera kumuzu, ngakhale pa mano apamwamba.

4. Fufuzani kuwola mpata ndi mpata

Musathamangire chinthu chakuda chachikulu chomwe chakukopani maso. Yambirani pakona imodzi ya mano apamwamba, muyende mpaka kumapeto, kenako apansi. Mpata uliwonse uli ndi makoma awiri, ndipo onse muwaone, chifukwa dzino likawola pogundana, loyandikana nalo nthawi zambiri limakhala litayambanso.

Kuwola kongoyamba kumaoneka ngati kakhwawa kakang'ono kotuwa m'mphepete mwa enamelo. Kukamakula kumatenga maonekedwe a mutu wa muvi: mbali yotakata ili kunja, nsonga yaloza mkati. Kukafika pamalire a enamelo ndi dentini kumayamba kufalikira m'mbali motsata malirewo, n'kupanga mutu wa muvi wachiwiri woloza kumtsempha. Kuya kwake timalemba motere: E1 ngati kuli m'theka lakunja la enamelo, E2 ngati kwafika theka lamkati, ndipo dentini timamugawa patatu, D1 kunja, D2 pakati, D3 pafupi ndi mtsempha.

Dziwani kuti ekisire imachedwa kuona. Pamafunika kuti gawo lalikulu la mchere wa m'dzino, pafupifupi 30 mpaka 40 pa 100 iliyonse, likhale litasungunuka kuti mthunzi uoneke. N'chifukwa chake mukatsegula dzino mumapeza kuwola kwalowa kuposa momwe filimu inaonetsera. Pamwamba potafunira napo, enamelo ndi yochindikala kwambiri kotero kuti kuwola kwa pamenepo kumaoneka pokhapokha kutafika mu dentini, ngati kamtambo kotuwa pansi pa chipewa chooneka chabwinobwino.

5. Siyanitsani mthunzi woona ndi wonama

Apa ndiye pamene mano abwino amabooledwa, ndipo ndi pamene ndikufuna mukhalitsepo.

Wonama wamkulu ndi mthunzi wa pakhosi. Mutu wa dzino uli ndi enamelo yochindikala, muzu wakutidwa ndi fupa, koma pakati pa ziwirizi pali kadera kopanda enamelo komanso kopanda fupa, ndipo m'mphepete mwake ndi mopyapyala. Cheza cha ekisire chimadutsa pamenepo mosavuta, filimu n'kuda. Palibe chawola. Kuti muuzindikire, dzifunseni mafunso anayi, motsatana.

Loyamba, mthunziwo uli pati? Ngati uli pansi pa pomwe enamelo yathera, pakati pa khosi ndi nsonga ya fupa, mukayikire. Kuwola kwa pogundana kumakhala pamwamba pa khosi, mkati mwa enamelo. Lachiwiri, mzere wakunja wa dzino ulipo? Tengani galasi lokulitsa muutsate. Pa mthunzi wa pakhosi mzerewo umaonekabe, wofooka koma wosaduka. Pa kuwola umakhala wolumidwa. Lachitatu, mthunziwo ukuthera pati? Wonama umayambira ndendende pomwe enamelo yathera, n'kukaima ndendende pomwe fupa layambira, ndipo mkati umangozilala pang'onopang'ono. Kuwola sikusamala malire amenewa, kumalowa pansi pa enamelo n'kuisiya ili lende. Lachinayi, mano ena ali bwanji? Mukaupeza pa mano atatu kapena anayi, mbali zonse ziwiri, wofanana kukula, pa filimu yoderako, ndi mthunzi wa pakhosi.

Koma musapitirire malire n'kumati chilichonse chakuda pakhosi n'chonama. Kuwola kwa muzu kuliponso, makamaka kwa achikulire ndi amene m'kamwa mumauma chifukwa cha mankhwala. Kumeneko kumafuna kuti muzu ukhale utavundukuka, ndiye mudzapeza fupa latsika kapena nkhama zabwerera. Kumaoneka ngati kambale kogoba, ndipo mzere wakunja wa muzu umakhala utadyeka. Mukakayikira, bwererani m'kamwa, muumitse malowo, mupapase pang'onopang'ono ndi chida chosasongoka. Muzu wowola umafewa.

Wonama wachiwiri amachokera m'diso lanu lomwe. Chinthu choyera kwambiri chikagundana ndi chotuwa, diso limaona kamzere kakuda pamalire, ngakhale pa filimu palibe. Amautcha mzere wa Mach. Umaoneka pamalire a enamelo ndi dentini ndiponso pansi pa amalugamu. Yesani chonchi: phimbani choyeracho ndi kapepala kakuda, musiye dentini yekha. Kamzereko kakazimirira, kanali ka m'diso. Kakatsala, kalidi pa filimu.

Wachitatu ndi zomata. Kompoziti wina, chomata chofanana mtundu ndi dzino chija, makamaka wakale, ndi mankhwala ena oyala pansi pa chomata sizioneka zoyera pa ekisire. Kusiyana kwake n'kwakuti chinthu chopangidwa ndi manja chili ndi m'mphepete mowongoka ndi makona, pomwe kuwola kumakhala kosalongosoka, kozilala ngati utsi. Kuwola kobwereza pansi pa chomata muzikufufuza m'munsi mwake, kumbali ya nkhama, chifukwa ndi komwe kumakonda kuyambira.

Chomaliza, kadontho kakuda kozungulira bwino pakati pa mutu wa dzino, kokhala ngati kali pa mtsempha, kawirikawiri ndi bowo la kumbali ya tsaya kapena ya lilime. Filimu yaphwatalala singakuuzeni mbali yake. Kagalasi ka m'kamwa kakuuzani.

6. Mthunzi woona sikuti ndi bowo ayi

Mwatsimikiza kuti ndi kuwola. Musagwire makina obowolera msanga. Ekisire imaonetsa kuti mchere wachepa, koma siionetsa ngati khungu la dzino labooka, kapena ngati kuwolako kukupitirira kapena kunaima kalekale. Pitts ndi Rimmer, mu kafukufuku wawo wa 1992, anatalikitsa mano n'kuona ndi maso zomwe filimu inaonetsa. Pa mano achikulu, mithunzi ya m'theka lakunja la enamelo inalibe bowo ndi imodzi yomwe. Ya m'theka lamkati, pafupifupi 10 pa 100 inali ndi bowo. Yofika theka lakunja la dentini, pafupifupi 41 pa 100, ndipo yakuya kuposa pamenepo inali yobooka yonse.

Choncho E1 ndi E2 sitiboola. Timapaka vanishi ya fulorayidi, timaphunzitsa kutsuka ndi mankhwala a fulorayidi kawiri patsiku ndi kupitsa ulusi m'mipata, timakambirana za shuga wa mu tiyi ndi zakumwa zotsekemera, n'kudzajambulanso. D2 ndi D3 timamata. Povuta ndi D1. Pamenepo ikani kalabala kotalikitsa mano, kaja amagwiritsa ntchito owongola mano, wodwala abwerenso pakatha masiku angapo, ndipo mudzaona nokha ngati pabooka. Wodwala amene kuwola kumamuvuta timamujambulanso pakatha miyezi 6 mpaka 12. Amene mano ake ali bwino atha kudikira zaka 2 kapena kuposerapo. Sungani filimu yakale, chifukwa mafilimu awiri oyandikana ndi okhawo angakuuzeni ngati mthunzi ukuyenda.

7. Yezani fupa

Jambulani m'maganizo mzere wolumikiza khosi la dzino limodzi ndi khosi la linzake. Pa munthu wa nkhama zabwino, nsonga ya fupa imakhala milimita 1 mpaka 2 pansi pa mzerewo, ndipo imayenda mofanana nawo. Pamwamba pake pamakhala kamzere koyera kopitirira ndi kamzere koyera komwe kamatsata muzu, ndipo ziwirizi zimakumana ndi kona yakuthwa. Kupitirira milimita 2, fupa latsika.

Zizindikiro zoyambirira n'zazing'ono. Kamzere koyera ka pansonga kamachita chimbuuzi, kona ija imabulungika, kenako pamaoneka kampata kakuda kooneka ngati fanulo pakati pa muzu ndi fupa. Fupa likatsika koma nsonga yake ikufananabe ndi mzere wa makosi, kumeneko ndi kutsika kwathyathyathya. Likagwa chotsetsereka pambali pa dzino limodzi pomwe pa linzake lili pamwamba, ndi kutsika kopendekeka, ndipo chimakhalapo chomwe chachititsa pamalopo.

Cholakwa chomwe ndimachiona kwambiri ndi kuyerekeza fupa ndi m'mphepete mwa filimu. Mola yachiwiri ikagonera kutsogolo chifukwa yoyamba inazulidwa, makosi amakhala osalingana, ndipo fupa labwinobwino limaoneka lotsetsereka. Liyerekezeni ndi mzere wa makosi basi.

Mukapeza kutsika, fufuzani choyambitsa pa filimu yomweyo: kalukulasi, litsiro louma lija, amene amaoneka ngati kaminga koyera kotuluka pakhosi pa dzino, chomata chosefukira ngati khonde, kapena mpata wosagundana womwe umakanirira nyama ndi ndiwo zamasamba. Pa mamola apansi onaninso pamphanda ya mizu. Pakada, matenda alowa pakati pa mizuyo.

Malire a filimu pano ndi aakulu. Fupa la kumbali ya tsaya ndi la kumbali ya lilime amaphimbana, kotero dzenje lili pakati pawo likhoza kubisika. Kutupa kwa nkhama kokha sikuoneka n'komwe. Fupa lotsika silikuuzani ngati matenda akadalipo lero kapena anachizidwa. Zimenezo imanena ndi pulobu yoyezera nkhama: kuya kwa kathumba ndi kutuluka kwa magazi. Ngati fupa latsika mpaka kutuluka pa filimu, jambulaninso filimu itaima chotalika, kapena jambulani yoonetsa muzu wonse. Yoonetsa muzu wonseyo ndi imenenso mufunika kuti muwerengere gawo la muzu lomwe lataya fupa, monga kagawidwe ka matenda a nkhama ka 2017 kamafunira: osakwana 15 pa 100 ndi gawo loyamba, 15 mpaka 33 lachiwiri, ndipo kufika pakati pa muzu kapena kupitirira ndi lachitatu kapena lachinayi.

8. Tiyese pa filimu imodzi

Mayi wina wa zaka za m'ma 30 anabwera akudandaula kuti nyama imakanirira kumanja pansi, ndipo madzi ozizira amamuyayamitsa dzino. M'kamwa simunkaoneka bowo. Wophunzira amene ndinali naye anajambula baitiwing'i ya kumanja, n'kubwera atalemba malo anayi oti amate: 14 ndi 15, mapulimola apamwamba, komanso 45 ndi 46, pulimola yachiwiri ndi mola yoyamba ya pansi.

Tinakhala pansi, tinazimitsa getsi, tinaphimba filimu m'mbali. Inali yoderako pang'ono koma mipata inali yotseguka. Pa 14 ndi 15, mithunzi inali mbali zonse ziwiri, pansi pa enamelo, yothera pomwe fupa layambira. Ndinamupatsa galasi n'kumuuza kuti atsate mzere wakunja ndi nsonga ya pensulo osakhudza filimu. Anautsata mpaka kufupa osaduka. Anafufuta mano awiriwo yekha.

Pakati pa 45 ndi 46 nkhani inali ina. Kumbuyo kwa 45, pansi pang'ono pa pogundana, panali kamutu ka muvi kofika theka lamkati la enamelo koma kosakhudza dentini: E2. Kutsogolo kwa 46 mthunzi unali utadutsa enamelo n'kufalikira motsata malire. Tinaphimba enamelo ndi kapepala, mthunziwo unatsalabe: D1. Tinaika kalabala. Mayiyo atabweranso, kagalasi kanaonetsa kabowo kakang'ono kofiirira pa 46, pomwe 45 inali ndi banga loyera ngati choko koma losalala, losabooka. Tinamata 46 yokha, ndipo pomwe mpata unali wotseguka tinapaka vanishi pa 45.

Chimene wophunzirayo sanachione n'komwe chinali pamwamba. Kumbuyo kwa 16, mola yoyamba yapamwamba, kunali amalugamu wakale wosefukira, ndipo pansi pa khonde lakelo fupa linali litagwa chotsetsereka, milimita 4 kuchokera pakhosi, pomwe kutsogolo kwa 17 linali pa milimita 2. Pulobu inalowa milimita 5, magazi n'kutuluka. Kwina konse m'kamwamo inkaima pa 2 kapena 3. Mayiyo sankamva kuwawa pamenepo. Tinasalaza khondelo, tinapala muzu, ndipo tinamuonetsa kapitsidwe ka ulusi pa mpata umenewo.

9. Lembani zomwe mwaona tsiku lomwelo

Lembani mbali, ubwino wa filimu, dzino ndi khoma lake, kuya, msinkhu wa fupa mu milimita, ndi malo omwe sanawerengeke. Pa mayi uja tinalemba kuti: baitiwing'i ya kumanja, yoderako, mipata yonse yotseguka, 46 kutsogolo D1, 45 kumbuyo E2, 14 ndi 15 mthunzi wa pakhosi, osati kuwola, 16 kumbuyo amalugamu wosefukira, fupa milimita 4, lopendekeka, kwina fupa milimita 1 mpaka 2, kuyezanso nkhama pakatha miyezi 3, kujambulanso pakatha miyezi 12. Filimuyo tinaiika m'kathumba kolembedwa tsiku ndi mbali, n'kuimata mu fayilo yake, kuti amene adzajambule chaka chamawa adzaike ziwirizo pamodzi pa bokosi n'kuona ngati mthunzi wa pa 45 wasuntha.